Kodi ola la nkhomaliro nalo n'lopempha?

Ikangokwana 12 koloko masana, maofesi ambiri a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amakhuthuka. Wina walunjika pa chiimirire, wina wavundukula kontena ya nsima pa desiki pomwepo, wina wathamangira ku banki. Zaka zino pawonjezekera gulu lina, la anthu amene achipatala awauza kuti bipi yakwera kapena shuga wayamba kusuzumira, ndipo afunika kumayendako ndawala kapena kuchita majowajowa. M'mawa sangathe, pali ana a sukulu ndi mpikisano wa minibasi. Madzulo amafika pakhomo kutada, mphika ukuwadikira. Chimene chawatsalira ndi ola la nkhomaliro. Apa ndiye pamene anthu amagawanika: ena akuti munthu wotere alembere abwana kalata yaifupi yopempha, ena akuti angonyamula nsapato zake n'kuyamba, chifukwa olalo ndi lake kale.

Mlamu wanga amagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina ku Kanengo. Atamuyeza maulendo angapo, bipi yake inkangozungulira pa 150/95, pamene achipatala amafuna kuti ikhale pansi pa 140/90. Anamuuza kuti achepetse mchere ndipo aziyenda. Iye anasankha kulemba kalata. Anailemba m'Chingerezi monga amachitira m'maofesi, koma zimene ananena ndi izi:

"Bwana, ndikupempha kuti Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ndizigwiritsa ntchito nthawi ya nkhomaliro poyenda ndawala m'kati mwa mpanda wa kampani, ndipo kukagwa mvula ndizichitira masewera olimbitsa thupi m'chipinda cha misonkhano ngati mulibe anthu. Ndizichoka pa desiki 12:00 n'kubwerera 1:15. Mphindi 15 zapamwambazo ndizibweza pofika 7:15 m'mawa m'malo mwa 7:30. Mayi amene ndimagwira nawo ntchito avomera kukhala pa zenera lolipirira nthawi imeneyi, iwo azikadya ine ndikabwera, ndipo Lachiwiri ndi Lachinayi tizisinthana. Sabata yokonza malipiro ndiziimika. Ndikupempha tiyesere miyezi iwiri, kenako muone ngati ntchito yasokonekera penapake. Kampani siononga ndalama iliyonse."

Kalata yonse ndi imeneyi. Koma inabutsa mkangano pakhomo isanafike n'komwe ku ofesi.

Woyamba kuikana anali amalume ake, bambo amene anagwirapo ntchito pa fakitale ku Makata ndipo kwa zaka zambiri anali m'komiti ya bungwe la antchito. Mfundo yawo inali yolemera. Iwo anati ola la nkhomaliro ndi nthawi yokhayo pa tsiku imene bwana alibe nayo mawu. Amene amapita kukasewera bawo pansi pa mtengo salemba kalata. Amene amapita ku mapemphero a masana salemba kalata. Wopita kukagula ndiwo kumsika sapempha kwa munthu. "Nanga iwe walakwa chiyani kuti ukagwade chifukwa chofuna kuyenda ndi miyendo yako yomwe? Ukalemba, wamuuza kuti olalo ndi lake. Akakana utani? Walira mvula walira matope." Anawonjezera kuti chinthu chikalembedwa chimalowa m'fayilo, ndipo fayilo siiiwala. Tsiku lina ukadzachedwa ndi lipoti, sadzanena kuti kompyuta inavuta, adzanena kuti mayi uja maganizo ake ali ku mafizo.

Sindingawatsutse pa zonse, chifukwa theka la mawu awo ndi loona. Ngati ofesi yanu imatsekadi 12 koloko, inu n'kutuluka pa geti, kuyenda m'mphepete mwa msewu, n'kubwerera 1 koloko isanakwane muli aukhondo, palibe chopempha. Kulemba kalata pamenepo ndi kudzimanga nokha chingwe. Ndiponso mantha awo aja oti bwana akakana zinthu zimaipa kuposa poyamba ndi enieni. Munthu amene sanapemphe akhoza kupitiriza kuyenda mwakachetechete. Amene wapempha n'kukanizidwa, akapezeka akuyenda amaoneka ngati wamwano.

Koma amalumewo ankakamba za ola lija la pa fakitale, limene belu likalira makina amazima ndipo palibe amene angakuitane. Ola la munthu wa m'ofesi silikhala choncho. Papepala limayamba 12:00, koma msonkhano umene unayamba 11 koloko umadya mpaka 12:40. Madalaivala amabwera kudzatenga ndalama za ulendo nthawi yomweyo, chifukwa ndi pamene apeza mpata. Abwana aakulu akaimba foni n'kupeza mpando uli wopanda munthu, safunsa kuti ndi nthawi yanji, amangofunsa kuti wapita kuti. Mlamu wanga anali atayesapo kale kuyenda mosapempha. Sabata yoyamba zinatheka, yachiwiri anamubweza pa geti ndi foni, yachitatu nsapato zinangokhala m'kabati. Panalibe amene anamuletsa. Olalo linkangodyedwa pang'onopang'ono ndi anthu amene sankadziwa kuti ali nalo ntchito.

Amene anamulimbikitsa kulemba anali mayi wina wa kutchalitchi kwawo, amene anapuma pa ntchito atayang'anira nkhani za antchito m'makampani angapo. Mayiyu sanakangane ndi amalume aja pa nkhani ya ufulu. Anangoti tiyeni tiwerenge zimene kalatayo ikupempha. Kuyenda sikuli m'gulu la zopemphedwa, chifukwa thupi ndi la mwini wake. Zopemphedwa ndi zinthu zimene zili m'manja mwa bwana: bwalo ndi chipinda cha kampani, kusintha kwa nthawi yolowera, ndi chilolezo choti zenera likhale ndi munthu wina. Zimenezi sungazitenge wekha ngakhale utalimba mtima bwanji. Ndipo pali china chimene kalata imabweretsa osachitchula. Bwana akasaina, amadzimanga yekha kuti Lachitatu 12:10 asakutume. Mlonda wa pa geti akakuona ukuzungulira kuseri kwa nyumba yosungira katundu utavala nsapato zamasewera, sakukayikira. Mnzako amene akukusungira zenera sakuchita ngati akukubisira mlandu.

Iwo anati pa zaka zawo zonse, makalata otere amene anakanidwa sanakanidwe chifukwa bwana amadana ndi thanzi. Ankakanidwa chifukwa ankamusiyira bwana ntchito yoganiza. Munthu amalemba masamba awiri kufotokoza ubwino wa masewera olimbitsa thupi, kuti amachepetsa matenda, kuti antchito athanzi amapindulitsa kampani, koma osanena kuti akufuna tsiku liti, nthawi yanji, malo ati, ndipo foni ikalira ayankhe ndani. Bwana akawerenga zotere amaona mafunso anayi opanda mayankho, ndiye amalemba pamwamba kuti tidzakambirana, n'kuika pansi pa mulu. Kalata yabwino, anatero mayiwo, ndi imene bwana angayankhe ndi liwu limodzi ataimirira.

Mbali imeneyi ndi imene ine ndaima nayo, koma ndikufuna ndichedwe pa mphindi 15 zija, chifukwa ndi pamene ngakhale ogwirizana ndi kalatayo anasiyana.

Tiyeni tiligawe ola monga limathera. Kuchoka pa desiki, kulowa m'chimbudzi, kuvula zovala za ku ofesi n'kuvala zoyendera, ndi mphindi 5 ngati munthu ndi wachangu. Pobwera, kudikira thukuta liume, kudzipukuta ndi thawulo yonyowa, kuvala n'kukonza tsitsi, ndi mphindi zosachepera 10. Kudya mosatsamwa ndi mphindi 20. Zatsala mphindi 25 zoyenda, zimene pa ndawala yabwino ndi mtunda wa makilomita awiri kapena kupitirirako pang'ono. Masiku atatu pa sabata zikukwana mphindi 75. Malangizo amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa mu 2020 akuti munthu wamkulu azichita mphindi 150 mpaka 300 pa sabata za masewera apakatikati, monga kuyenda ndawala, kapena mphindi 75 mpaka 150 za masewera amphamvu monga kuthamanga. Ndiye ola louma, masiku atatu, likupereka theka chabe la mlingo wotsikitsitsa. Mlamu wanga ataona zimenezi ndi pamene anawonjezera mphindi 15. Zisanu anazipereka ku kusamba, khumi ku kuyenda, kuti pa tsiku zikhale 35 ndipo pa sabata 105. Zotsalazo, 45, anati azikazipeza Loweruka.

Mayi opuma aja anamuchenjeza kuti chiganizo chimenecho ndi chimene chingaphe kalata yonse. Bwalo bwana akhoza kupereka osataya kanthu. Koma nthawi yolowera ndi yotulukira ndi ya anthu onse, ndipo akangosinthira mmodzi, mawa pabwera asanu, wina akufuna kukatenga mwana ku sukulu ya mkaka, wina ali ndi kalasi ya madzulo. Komanso mphindi 15 za m'mawa sizifanana ndi za masana. Nthawi ya 7:15 palibe dalaivala amene akufuna ndalama, palibe foni, ndiponso palibe bwana woti aone kuti wafikadi. Nthawi ya 1:05 anthu ali pa zenera. Ukunena kuti ukubweza, koma ukubweza nthawi imene kampani siikuifuna. Iwo anati pempha masiku asanu a ola louma, 25 kuchulukitsa kasanu ndi 125, zaposa kale 105 ija popanda kukhudza wotchi ya munthu.

Masamuwo ndi olondola, koma mlamu wanga anali ndi yankho lake. Masiku asanu ndiye kuti mnzake uja azidya mochedwa sabata yonse popanda tsiku lomusinthira, ndipo ubale wotere sukhalitsa. Ndiponso iye ankadziwa kuti mphindi 10 sizimukwanira kudzikonza, makamaka nyengo yotentha, ndiye bola kunena zoona m'kalata kusiyana ndi kulonjeza 1:00 n'kumafika 1:12 tsiku ndi tsiku. Apa ndikuona kuti iye ndiye analondola. Chimene chimagwetsa mapangano otere si kukula kwa pempho, ndi kuchedwa kwakung'ono kobwerezabwereza kumene palibe anakuvomereza. Ndikanangomulangiza kuti mphindi 15 zija aziike pa chiganizo chapadera, choti bwana angathe kuchidula n'kuvomera zotsalazo. Ndipo ndi zimenedi zinachitika. Abwana analola bwalo, analola chipinda, analola kusinthana pa zenera, koma pa nthawi analemba kuti 1:00 ikhale 1:00.

Mtsutso wina unali woti kodi atchule matenda ake kapena ayi. Mwamuna wake ankati aphatikize kalata ya kuchipatala, chifukwa bwana sangakane pepala la dokotala. Zimenezi n'zoona, pepala lotere limalemera. Koma apa amalume aja ndi mayi opuma anagwirizana koyamba: fayilo imawerengedwa ndi anthu ambiri kuposa amene unawalembera, ndipo imawerengedwanso nthawi yokweza anthu pa udindo kapena yochepetsa antchito. Bipi si chinthu chochititsa manyazi. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi WHO mu 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri a iwo sankadziwa. Ndiye m'ofesi ya anthu khumi ndi awiri, mlamu wanga sangakhale yekha, mwinanso abwana omwewo ali momwemo. Komabe kuchuluka kwa odwala sikuletsa munthu kugwiritsa ntchito matenda ako pokuweruza. Ine ndikuti kalata yoyamba ipite yopanda dzina la matenda. Ikakanidwa, pepala la dokotala ulitenge pamanja, ukalionetse pakamwa, ubwerere nalo.

Namwino amene amamuyeza bipi analibe nazo ntchito za fayilo. Nkhawa yake inali pa dzuwa ndi pa mimba. Anati 12 koloko ndi nthawi yoipa kuposa zonse pa tsiku kwa munthu woyenda panja, makamaka mu Okotobala ndi Novembala mvula isanagwe. Ku Lilongwe munthu akhoza kupirira ngati njira yake ili ndi mthunzi, wavala chipewa ndipo wanyamula botolo la madzi. Koma wa ku Nchalo kapena ku Nsanje, kumene kutentha kumafika madigiri 40, asayerekeze n'komwe. Ameneyo kalata yake ipemphe chipinda, osati bwalo, kapena ipemphe nthawi ya m'mawa. Anamuphunzitsanso kudziyeza popanda makina. Ngati ukuyenda n'kumatha kuyankhula koma sungathe kuimba nyimbo, liwiro lili bwino. Ngati ukuimba bwinobwino, ukungowongola miyendo. Ngati mawu awiri okha akukubanikitsa, wapyola. Ndipo ukamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, chizungulire, kapena mtima ukugunda mosalongosoka, usati ndimalize kaye kuzungulira, ima pomwepo ndipo tsiku lomwelo ukaonane ndi achipatala. Munthu amene bipi yake yafika cha m'ma 180/110 asayambe masewera mpaka itatsitsidwa ndi mankhwala.

Za mimba ananena kuti ambiri amasokoneza dongosolo. Amayamba adya nsima mitanda itatu, kenako n'kumafuna kudumphadumpha, mapeto ake ndi nseru ndi kubaya m'nthiti. Ngati masewerawo ndi amphamvu, ayambe masewera, chakudya pambuyo. Kuyenda pang'onopang'ono utatha kudya kulibe vuto, ndipo kumathandiza kuti shuga asakwere kwambiri m'magazi. Koma wodwala shuga amene amabaya insulini kapena kumwa mapiritsi monga gilibenkilamaidi asamale ndi kuyenda m'mimba muli pululu, chifukwa shuga akhoza kutsika mpaka kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira, ngakhale kukomoka kumene. Wotereyo afunse kuchipatala za nthawi yoyenera, ndipo m'thumba musamasowe siwiti kapena shuga wa m'kapepala. Malangizo amenewa ali ndi malo m'nkhani ya kalata, chifukwa ndi amene amakuuza choti upemphe. Munthu amene sanaganizire za dzuwa amapempha bwalo lokha, ndipo Okotobala akafika amasiya, bwana n'kumati ndinadziwa kuti sizipita patali.

Tisaiwale kuti bwana nayenso ali ndi mbali yake, ndipo si yankhanza nthawi zonse. Akasaina kalata yolola masewera m'kati mwa mpanda, amadzifunsa kuti munthuyu akaterereka pa mafuta kuseri kwa galaja n'kuthyola bondo, mlandu ndi wa yani. Lamulo la chipukuta misozi kwa antchito la mu 2000 limakamba za ngozi yochokera mu ntchito ndi yochitika munthu ali pa ntchito, ndipo lamulo la chitetezo, umoyo ndi chisamaliro cha pa malo a ntchito la mu 1997 limapereka kwa olemba ntchito udindo woti malowo akhale osaopsa. Bwana wosamala amaona kuti siginecha yake ikuyandikitsa masewerawo ku ntchito. Ena amalangiza kuti m'kalata ulembemo kuti ndikavulala ndi zanga. Mayi opuma aja anati chiganizo chotere chimangomukumbutsa bwana za ngozi, ndipo mawu a m'kalata ya kalaliki safafaniza lamulo. Chothandiza ndi kutchula njira yeniyeni imene uzidutsa, yotalikirana ndi pamene malole amabwerera chambuyo ndi pamene amatsitsa katundu. Ku Kanengo nkhani imeneyi si yongopeka, magalimoto akuluakulu amalowa ndi kutuluka tsiku lonse. Abwana a mlamu wanga anachita kumuitana kapitawo wa pabwalo kuti amusonyeze mbali yoti aziyenda.

Nkhani itamveka pa kampanipo, mnyamata wina wa ku malonda anaitenga molakwika. Iye anamva ngati kampani yayamba kulipirira anthu ku jimu, ndipo analemba yake yopempha kuti amulipirire mwezi ndi mwezi, agulenso zitsulo zonyamula ndi kumanga bafa la shawa. Anamuyankha tsiku lomwelo kuti bajeti ilibe malo. Anakwiya, akuti pali kukondera. Sindikunena kuti pempho lake linali lopusa. Malangizo a WHO omwe aja amanenanso kuti minofu izilimbitsidwa masiku awiri pa sabata, ndipo malo osambira ndi chosowa chenicheni, makamaka kwa amayi amene amadzikonzera m'kachimbudzi kopanda pokoleka ndi chovala chomwe. Koma zimene iye ankafuna ndi za gulu, zofunika kudzera ku komiti ya antchito ndi kulowa m'bajeti ya chaka. Kalata yaifupi ya munthu mmodzi mphamvu yake ili pa chiganizo chomaliza chija, choti kampani siononga ndalama. Ukachichotsa, walemba kalata ina.

Amene anandipatsa maganizo kwambiri ndi bambo wina wachikulire, mesenjala wa pa kampanipo. Iye atamva anangoti, "Madamu akupempha kuti aziyenda? Ine ndikanapempha kuti ndizikhalako pansi." Sankanyoza. Kuyambira m'mawa amakhala ali pa msewu, ku banki, ku positi, kukagula mayunitsi a magetsi, ndipo nthawi ya nkhomaliro ndi imene amatumidwa kwambiri, kukagulira mabwana tchipisi ndi nkhuku. Mawu ake akugwirizana ndi zimene dokotala Jerry Morris anapeza ku London n'kufalitsa mu 1953. Iye anayerekeza madalaivala a mabasi osanjikizana, amene amakhala pansi tsiku lonse, ndi makondakitala amene amakwera ndi kutsika masitepe podula matikiti, ndipo anapeza kuti matenda a mtima ankagwira kwambiri madalaivala. Basi imodzi, msewu umodzi, koma matupi awiri osiyana. Kalata imene tikukambayi ndi ya dalaivala, ndiye kuti ya munthu wa pa desiki. Kondakitala wa pa ofesi vuto lake ndi lina, alibe ola loti n'kulitcha lake.

Apa ndi pamene mfundo ya amalume aja imabwereranso ndi mphamvu zina. Iwo anati kalata ya munthu mmodzi imathandiza amene ali kale pafupi ndi bwana, amene amadziwa kulemba Chingerezi chosalala ndipo ali ndi mnzake womusungira mpando. Mlonda amene amagwira maola ataliatali, mayi wokolopa, mtsikana wa pa kauntala ya sitolo amene amadya mobisa kuseri kwa shelefu, amenewa kalata singawathandize. Lamulo la ntchito la mu 2000 linaika malire a maola 48 pa sabata, koma aliyense amene anagwirapo ntchito m'sitolo kapena pa geti akudziwa mmene zimakhalira. Choncho, anatero iwo, m'malo moti aliyense azikagogoda payekha, antchito akambirane pamodzi kuti ola la nkhomaliro lizilemekezedwa kwa onse, misonkhano isamalowemo, ndipo wina akafuna kuyenda, kugona kapena kupemphera, zikhale zake.

Ndikuvomereza kuti imeneyo ndiyo njira yokwanira. Chimene sindikuvomereza ndi choti munthu wa bipi ya 150/95 adikire mpaka komiti idzakhale pansi. Zinthu ziwirizi sizikulimbana. Ndiponso pa kampani ija, kalata ya munthu mmodziyo ndi imene inapangitsa kuti anthu ayambe kufunsa chifukwa chimene misonkhano imapyolera 12 koloko, funso limene kwa zaka palibe analifunsa mokweza. Amalumewo atamva zimenezi sanasinthe maganizo. Anati n'zabwino, koma zatheka chifukwa bwanayo ndi munthu, akadzabwera wina wouma mtima pepala lomwelo adzaligwiritsa ntchito pokuwerengera mphindi. Sindingawatsimikizire kuti sizingachitike. Ndingonena kuti bwana watsopano akafika n'kupeza pangano lolembedwa ndi losainidwa, amavutika kulithetsa kuposa chizolowezi chimene palibe anachivomereza.

Miyezi iwiri yoyesera ija ndi chinthu chimene ambiri amachiona ngati ulemu chabe, koma ndi chimene chimamasula dzanja la bwana. Kuvomera chinthu chosatha n'kovuta, kuvomera chinthu chokhala ndi tsiku lothera n'kosavuta, chifukwa akudziwa kuti akhoza kuchisiya osakangana ndi munthu. Kwa wopempha, miyezi imeneyo ndi yosonkhanitsa umboni, ndipo umboni wake si wa sikelo kapena wa makina a bipi, zimenezo ndi za iye ndi namwino. Umboni wa bwana ndi woti zenera silinatsekedwepo, malipiro anatuluka pa tsiku lake, ndipo 1:00 mpando unali ndi munthu. Ngati zinthu zikusokonekera, zizindikiro zimayamba kuoneka kwa mnzako wokusungira malo bwana asanadziwe. Akayamba kuyang'ana wotchi ukamalowa, kapena kunena kuti lero ndiye njala inandipweteka, dziwa kuti pangano layamba kung'aluka, ndipo ulikonze ndi iyeyo msanga.

Kwa mlamu wanga, chovuta sichinakhale abwana kapena mnzake. Anali madzi. Masiku amene mipope yauma, analibe podzipukutira, ndipo sakanakhala pa zenera ndi thukuta. Anayamba kusunga chigubu cha malita asanu pansi pa desiki ndi kabeseni kakang'ono m'kabati. Popeza mphindi 15 zija zinakanidwa, anadula nthawi ya chakudya posiya kupita pa chiimirire n'kumabwera ndi chake chophikaphika, mbatata kapena mpunga wa dzulo ndi nyemba. Kutentha kutafika anasamukira m'chipinda cha misonkhano, kumene amaguba pamalo amodzi, kukhala ndi kudzuka pa mpando maulendo angapo, ndi kukankha khoma ndi manja. Akuti n'zotopetsa m'maganizo kuposa kuyenda panja, ndipo masiku ena chipindacho amachipeza muli alendo.

Miyezi iwiri itatha abwana sananene kanthu, ndipo pabukanso kusiyana kwina. Mayi opuma aja akuti alembe mizere iwiri yothokoza ndi kupempha kuti panganolo lipitirire mpaka kutha kwa chaka, kuti pepala likhalepo. Amalume akuti asayerekeze kudzutsa nkhani imene yagona, angopitiriza. Pakadali pano amayi ena awiri ayamba kuyenda naye Lachitatu ndi Lachisanu popanda kalata iliyonse, ndipo mnzake uja womusungira zenera tsopano akufuna kuti masiku agawidwenso.